Kodi mwalawo ufika pa mango? Funsani b² − 4ac

Teremu yathayi ndinkachonga mayeso a Fomu 3 ndipo pa funso lina ana ambiri analemba yankho lofanana lakuti ikweshoni ilibe yankho. Funsolo linali la mwala woponyedwa m'mwamba ndipo mayankho ake analipo awiri, ooneka bwinobwino. Nditabweza mapepala, mtsikana wina anakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, si ine ayi, ndi kakyuleta. Inakana yokha." Sananame mwanayo. Kakyuleta inakanadi, koma inakana chifukwa cha momwe iye anaifunsira. Malikisi asanu anapita chifukwa cha mabulaketi awiri omwe sanawalembe.

Chomwe chinandidandaulitsa kwambiri si mabulaketiwo. N'chakuti palibe amene anaima n'kudzifunsa kuti kodi mwalawu ungalepheredi kufika pamenepo? Fomula anailoweza pamtima ngati nyimbo, koma zomwe ikunena sankazimva. Ndiye lero tiyeni tiitengere pansi pa mtengo wa mango, kumene aliyense wa ife anaphunzirako fizikisi asanadziwe n'komwe dzina lake.

Mwala umodzi, nthambi zitatu

Tiyerekeze kuti mwaima pansi pa mtengo wa mango ndipo mukufuna kugenda. Mango akupsa ali pa nthambi zitatu. Nthambi yoyamba ili mamita 3.2 pamwamba pa dzanja lanu, yachiwiri mamita 5, yachitatu mamita 6. Mwala mukuuponya molunjika m'mwamba ndipo ukuchoka m'dzanja pa liwiro la mamita 10 pa sekondi. Kumbukirani kusuntha mukaponya, paja mwala wopita molunjika umabwerera pa mutu wa mwini wake.

Mwala ukangochoka m'dzanja, dziko limaukokera pansi ndipo liwiro lake limachepa ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi, sekondi iliyonse. Iyi ndi g ija timalemba m'kalasi. Tikaiwalako kaye za mpweya womwe umaubweza pang'ono, msinkhu womwe mwalawo wafika pakatha masekondi t ndi uwu:

h = 10t − 5t²

Nambala 10 ndi liwiro lomwe unanyamukira. Nambala 5 ndi theka la g, kuchokera mu s = ut − ½gt² yomwe mumaidziwa kale.

Funso lathu loyamba ndi ili: kodi mwala ukhala pa msinkhu wa nthambi yoyamba, mamita 3.2, pa nthawi yanji? Tikaika 3.2 m'malo mwa h tikupeza 3.2 = 10t − 5t². Ikweshoni imeneyi ili ndi t² ndipo mulibe t yokwera mphamvu kuposa pamenepo. Yotereyi ndiyo timaitcha kwadiratiki. Kuifakitoraiza ndi maso n'kovuta chifukwa cha 3.2 uja, choncho apa ndi pomwe fomula imagwira ntchito yake.

Konzani ikweshoni musanakhudze fomula

Fomula ya kwadiratiki imafuna kuti ikweshoni ikhale mu dongosolo limodzi lokha, ili:

ax² + bx + c = 0

Zonse zikhale mbali imodzi, mbali inayo kutsale ziro. Komanso a asakhale ziro, chifukwa a akakhala ziro ndiye kuti x² yachoka ndipo ikweshoniyo si kwadiratikinso. Zikatero, mayankho amapezeka motere:

x = [−b ± √(b² − 4ac)] / 2a

Ife chilembo chathu ndi t osati x, koma palibe chasintha. Tisamutse zonse za mu 3.2 = 10t − 5t² zipite kumanzere. Chilichonse chowoloka chizindikiro cha = chimasintha chizindikiro chake, ndiye tikupeza:

5t² − 10t + 3.2 = 0

Tsopano lembani a, b ndi c pa mzere wawowawo, aliyense ndi chizindikiro chake: a = 5, b = −10, c = 3.2. Ndikudziwa kuti ambiri mumaudumpha mzere umenewu poti mukuthamangira nthawi. Musatero. Onetsetsani b: ndi −10, osati 10. Mayinasi uja ndi wake, amayenda naye kulikonse.

Yambani ndi za pansi pa ruti

Musalowetse manambala onse mu fomula nthawi imodzi. Yambani ndi kachigawo kali pansi pa sikweya ruti, b² − 4ac. Kachigawo kameneka kali ndi dzina lake, disikiriminanti, ndipo tikalemba ndi chilembo D. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kusiyanitsa, ndipo amene anayamba kuligwiritsa ntchito m'masamu ndi James Joseph Sylvester wa ku England mu 1851. Muona posachedwapa chomwe kamasiyanitsa.

D = (−10)² − 4 × 5 × 3.2 = 100 − 64 = 36

Sikweya ruti ya 36 ndi 6. Tsopano −b. Poti b ndi −10, −b ndi +10. Pansi pali 2a, yemwe ndi 10. Ndiye:

t = (10 ± 6) / 10

Chizindikiro cha ± chikutiuza kuti tiwerengere kawiri. Tikachotsera, (10 − 6) / 10 = 0.4. Tikaphatikiza, (10 + 6) / 10 = 1.6. Mayankho ndi masekondi 0.4 ndi masekondi 1.6.

Nanga mayankho awiri bwanji, pomwe mwala ndi umodzi, nthambinso ndi imodzi? Taganizirani ulendo wa mwalawo. Ukaphonya mango, umadutsa msinkhu wa mamita 3.2 ukukwera, pa masekondi 0.4. Umapitirira mpaka mphamvu zitautha, kenaka umatembenuka n'kudzadutsanso msinkhu womwewo ukutsika, pa masekondi 1.6. Aliyense amene anagendapo mango akudziwa kuti nthawi zina mwala umaphonya popita n'kudzagwetsa mango pobwerera. Yankho lachiwirilo ndi limenelo.

Musakhulupirire ine, yesani nokha. Bwezani 0.4 mu h = 10t − 5t²: 4 − 0.8 = 3.2. Bwezaninso 1.6: 16 − 12.8 = 3.2. Onse awiri akugwirizana.

Nthambi yachiwiri: D ndi ziro

Tsopano nthambi ya mamita 5. Ikweshoni ikhala 5t² − 10t + 5 = 0. Apa a ndi b sanasinthe, wasintha ndi c yekha.

D = 100 − 4 × 5 × 5 = 100 − 100 = 0

Sikweya ruti ya ziro ndi ziro. Kuphatikiza ziro ndi kuchotsera ziro n'chimodzimodzi, choncho ± uja watha ntchito: t = 10 / 10 = 1. Yankho ndi limodzi, sekondi imodzi.

Tanthauzo lake n'lakuti mwala wafika pa mamita 5 kamodzi kokha. Sunadutse n'kubwerera ayi, wangofika, kuima kwa kamphindi, n'kuyamba kugwa. Mamita 5 ndiye pamwamba penipeni pa ulendo wake. Mango a pamenepo ungowagunda mwaulemu, kugwa sagwa. M'mabuku mupeza akuti mayankho awiri ofanana kapena yankho lobwereza. N'zoona, chifukwa 5t² − 10t + 5 ndi chimodzimodzi 5(t − 1)(t − 1). Nthawi yokwera ndi nthawi yotsika zakumana pamodzi n'kukhala imodzi.

Mutha kuziona zikuyandikana. Pa mamita 3.2 nthawi ziwiri zija zinali 0.4 ndi 1.6. Pa mamita 4, D = 100 − 80 = 20, ruti yake ndi pafupifupi 4.47, ndipo nthawi ndi 0.55 ndi 1.45. Pa mamita 4.8, D = 100 − 96 = 4, ruti yake ndi 2, nthawi ndi 0.8 ndi 1.2. Nthambi ikamakwera, D akuchepa ndipo mayankho awiriwo akufinyana kuzungulira sekondi imodzi, mpaka pa mamita 5 akhala amodzi.

Nthambi yachitatu: D ndi negetivu

Mango onona kwambiri, monga mwa nthawi zonse, ali pamwamba, pa mamita 6. Ikweshoni ndi 5t² − 10t + 6 = 0.

D = 100 − 4 × 5 × 6 = 100 − 120 = −20

Tsopano fomula ikufuna sikweya ruti ya −20, kutanthauza nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani −20. Yesani. Pozitivu kuchulukitsa ndi pozitivu imabereka pozitivu. Negetivu kuchulukitsa ndi negetivu imaberekanso pozitivu. Pa manambala onse omwe timayezera nthawi, mtunda kapena ndalama, yotero kulibe. Fomula yaima pamenepa.

Apa simunalakwitse kanthu. Masamu akukuuzani zoona zake: palibe nthawi iliyonse yomwe mwalawo udzakhale pa mamita 6, chifukwa umathera pa mamita 5. Yankho la funso lakuti ufika liti ndi lakuti sufika. Amene mudzapitirize masamu ku yunivesite mukakumana ndi mtundu wina wa manambala wopangidwira ruti ya negetivu, n'chifukwa chake mabuku amasamala n'kunena kuti palibe yankho la manambala enieni. Koma pa wotchi yanu manambala amenewo mulibe.

Ndiye lamulo lonse ndi ili. D akaposa ziro, mayankho ndi awiri osiyana. D akakhala ziro, yankho ndi limodzi. D akachepera ziro, palibe yankho lenileni. Mukajambula gilafu ya h ndi t mupeza chinthu chooneka ngati chulu. Mzere wopingasa wa pa mamita 3.2 umadula chulucho pawiri, wa pa mamita 5 umangokhudza pansonga, wa pa mamita 6 umadutsa m'mwamba osakhudza kanthu.

Chinsinsi chomwe mphunzitsi wa fizikisi amakonda

Tiyeni tiyang'anenso D, koma ndi zilembo m'malo mwa manambala. Mwala wonyamuka pa liwiro u, wofuna kufika pa msinkhu h, umatipatsa ½gt² − ut + h = 0. Apa a = ½g, b = −u, c = h. Choncho:

D = u² − 4 × ½g × h = u² − 2gh

Kodi mwaizindikira? Mu fizikisi timalemba v² = u² − 2gh pofuna liwiro la chinthu chokwera chikafika pa msinkhu h. Ndiye kuti pa funso la mwala, disikiriminanti ndi v² yeniyeniyo. Ruti ya D ndi liwiro lomwe mwala uli nalo pofika pa nthambi.

Bwererani ku nthambi yoyamba. D anali 36, ruti yake 6. Mwala umadutsa pamenepo pa liwiro la mamita 6 pa sekondi, kamodzi ukukwera, kamodzi ukutsika, ndipo ± uja ndi mbali ziwiri zimenezi. Pa nthambi yachiwiri D anali ziro chifukwa mwala umafika liwiro litatheratu. Pa nthambi yachitatu v² ikanayenera kukhala −20, zomwe palibe mwala ungachite.

Izi zikutipatsa njira yachidule yoyankhira funso lina lomwe limabwerabwera: kodi muponye pa liwiro lanji kuti mwala ufike pa mamita 6? Simukufunika kupeza t n'komwe. Mukungofuna kuti D asakhale negetivu: u² − 120 ≥ 0, kutanthauza kuti u² ikhale 120 kapena kuposa. Ruti ya 120 ndi pafupifupi 10.95. Mukaponya pa mamita 11 pa sekondi, D = 121 − 120 = 1, ndipo mwala ufika uli ndi kaliwiro ka mita imodzi pa sekondi. Kusiyana kwa kulephera ndi kufika kunali mita imodzi yokha pa sekondi.

D amawerenga mayankho, koma sasankha

Pali malire a zomwe disikiriminanti ingakuuzeni. Tinene kuti dzanja lanu linali mamita 1.05 kuchokera pansi pomwe munkaponya, ndipo funso likuti mwala ugwa pansi pakatha nthawi yaitali bwanji. Nthaka ili m'munsi mwa dzanja, choncho h = −1.05. Tikakonza tikupeza:

5t² − 10t − 1.05 = 0

Samalani, tsopano c ndi negetivu. D = 100 − 4 × 5 × (−1.05) = 100 + 21 = 121. Mayinasi awiri akumana n'kusanduka pulasi. Ruti ya 121 ndi 11, ndiye t = (10 ± 11) / 10, zomwe zikutipatsa 2.1 ndi −0.1.

D wanena kuti mayankho ndi awiri ndipo sananame. Koma −0.1 ndi nthawi ya mwala usanaponyedwe, udakali m'dzanja, pomwe ikweshoni yathu inali isanayambe kugwira ntchito. Yankho la funsoli ndi masekondi 2.1 basi. Pa mayeso lembani onse awiri, kenaka nenani kuti mwataya −0.1 chifukwa nthawi singakhale negetivu pa funso limeneli. Koma musazolowere kutaya yankho lachiwiri nthawi zonse. Pa nthambi yoyamba paja onse awiri anali oona. Ndipo funso likakhala la masamu chabe, lopanda mwala kapena munda, yankho la negetivu ndi yankho ngati lina lililonse.

Onaninso ichi: a ndi c akakhala ndi zizindikiro zosiyana, −4ac amakhala pozitivu, choncho D sangakhale negetivu. Mukapeza D wa negetivu pa ikweshoni yotero, dziwani kuti mwalakwitsa penapake.

Malire ena ndi a D = 0. Pa pepala zimaoneka zaukhondo chifukwa tinasankha g = 10. Tikagwiritsa ntchito 9.8, yomwe ili pafupi kwambiri ndi zenizeni, a akhala 4.9 ndipo pa mamita 5 tipeza D = 100 − 98 = 2. Mayankho abwerera kukhala awiri, poti mwala ukwera mpaka mamita pafupifupi 5.1. Mpweya nawo, womwe tinauiwala dala, umautsitsako pang'ono. Choncho D akakhala pafupi ndi ziro pa zinthu zoyeza, kusintha pang'ono kwa nambala imodzi kungathe kusintha yankho kuchoka pa "ufika" kupita pa "sufika". N'chifukwa chake musamafupikitse manambala pakati pa ntchito. Fupikitsani kumapeto.

Pomwe malikisi amathera

Tibwerere kwa mtsikana uja ndi kakyuleta yake. Funso lake linali la nthambi yoyamba lomweli. Iye analemba chonchi:

```
-10² - 4×5×3.2
```

Kakyuleta inamupatsa −164. Atafuna ruti yake, inalemba `Math ERROR`, iye n'kulemba kuti palibe yankho. Vuto n'lakuti kakyuleta ya sayansi imayamba yachita sikweya ya 10, kenaka n'kuika mayinasi patsogolo, ndiye imapeza −100. Kuti imve kuti mukufuna sikweya ya −10 yense, muyenera kumutsekera m'mabulaketi:

```
(-10)² - 4×5×3.2
```

Apa ikupatsani 36. Chokuthandizani kukumbukira n'chakuti b² sangakhale negetivu ngakhale zitavuta bwanji. Mukaona b² wa negetivu pa pepala lanu, imani pomwepo.

Cholakwika chachiwiri chili pa kugawa. Mzere wa fomula ndi wautali, umagwira −b ndi ruti yomwe. Mukalemba chonchi:

```
10 + 6 ÷ 2×5
```

kakyuleta igawa 6 ndi 2, ichulukitsa ndi 5, n'kuphatikiza 10, ndipo ikupatsani 25. Mwala wa mamita 5 sungakhale m'mwamba masekondi 25, si khwangwala. Zoyenera ndi izi:

```
(10 + 6) ÷ (2×5)
```

Cholakwika chachitatu ndi kutola a, b ndi c ikweshoni isanakonzedwe. Wina amayang'ana 3.2 = 10t − 5t² n'kulemba a = −5, b = 10, c = 3.2, kuiwala kuti 3.2 akawoloka akhala −3.2. Zikatero D amatuluka 164 ndipo limodzi la mayankho limakhala negetivu. Mukasamutsa bwino, kaya zonse mwapititsa kumanzere kaya kumanja, D amakhala 36 yemweyo ndipo mayankho sasintha.

Pali njira yachangu yogwirira zina mwa zolakwika zimenezi. Mayankho awiri a kwadiratiki mukawaphatikiza amakupatsani −b/a, mukawachulukitsa amakupatsani c/a. Pa nthambi yoyamba, 0.4 + 1.6 = 2, ndipo 10/5 ndi 2. Komanso 0.4 × 1.6 = 0.64, ndipo 3.2/5 ndi 0.64. Zimatenga masekondi ochepa, koma zimakuuzani ngati mwakhoza musanapereke pepala.

Yesani iyi

Mnzanu wamenya mpira molunjika m'mwamba kuchokera pansi pa liwiro la mamita 14 pa sekondi. Tengani g = 10, choncho h = 14t − 5t². Musanapeze t aliyense, gwiritsani ntchito D yekha kuti munene kuti mpirawo ufika kangati pa mamita 8, pa mamita 9.8 ndi pa mamita 10. Kenaka pezani nthawi za pa mamita 8, muziyese pophatikiza ndi pochulukitsa, n'kunena liwiro la mpira pa msinkhu umenewo. Ngati mwayenda bwino, D woyamba atuluka nambala yomwe mwakumana nayo kale m'nkhani ino, ndipo nthawi ziwirizo zikaphatikizidwa zikupatsani 2.8. Kakyuleta ikakana pa limodzi la mafunsowa, musathamangire kulemba. Yambani mwadzifunsa ngati wakana ndi mpira kapena ndi zala zanu.